Mmisiri amayamba ndi kuteteza mtengo

Amisiri a ku Tsangano ndi ku Macanga ndimawayamikira pa ntchito imene sioneka nyumba ikatha. Mitengo ya bulugamu ikadulidwa, mmisiri wodziwa ntchito yake sathamangira kukhoma denga. Amayamba wasenda makungwa mtengo ukadali wauwisi, chifukwa pansi pa khungwa ndi pamene tizilombo tofumbwitsa mitengo timabisala. Kenako amaisanja pamthunzi, pamwamba pa njerwa, motalikirana kuti mphepo izidutsa. Kumapiri a Tsangano kumazizira, choncho mtengo suuma msanga, ndipo iye amadikira mpaka upepuke.

Ukauma, amaupaka oyilo wakutha wa galimoto, atamusungunula ndi dizilo pang'ono kuti alowerere. Oyiloyu amawononga khungu, n'chifukwa chake mmisiri amavala magolovesi. Sapaka mtengo wauwisi, poti oyilo amatsekera madzi m'kati, mtengo n'kuwola.

Luso lenileni limaonekera pa felemu ya chitseko. Amapaka kawiri kumbuyo kumene kudzagundane ndi njerwa, ndipo miyendo yake amaiviika m'chitini cha oyilo usiku wonse, pakuti kumapeto ndi kumene thabwa limamwa kwambiri. Akadulanso ndi sowo, amapakanso podulapo.

Oyilo salowa mpaka pamtima pa mtengo. Choncho eni nyumba, mukaona timizere ta dothi tikukwera khoma, kapena felemu ikulira ngati ng'oma poigogoda, dziwani kuti chiswe chalowa. Pomanga, musamufulumizitse mmisiri wotere: mpatseni nthawi, ndipo mumulipire bwino.