Luso la Mmisiri ndi Chiweruzo cha Sikelo

Munthu wogula golide amalipira zinthu ziwiri, chitsulo ndi ntchito ya manja amene achiumba. Tsiku logulitsa, kawirikawiri amamulipira chitsulo chokha. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani ya amene akufuna kusunga ndalama pogula golide pang'onopang'ono, kaya ndi khobidi, kamtanda kapena tcheni cha m'khosi. Zitatu zonsezi ndi ntchito za amisiri, ndipo luso lake tingaliweruze. Koma wosunga chuma saliweruza ngati mmene amachitira mkwatibwi posankha mphete. Iye amafunsa kuti lusolo lamudyera zingati, nanga limubwezera zingati.

Mtengo wa golide wa dziko lonse umalengezedwa ku London kawiri pa tsiku, m'madola a ku America, pa aunsi imodzi yomwe ndi magalamu 31.1. Mtengowo ndi wa amalonda akuluakulu amene amagulitsana mitanda yolemera pafupifupi makilogalamu 12.5. Munthu wamba saupeza. Iye amalipira mtengowo kuphatikiza chapamwamba, ndipo chapamwambacho ndi malipiro a woyenga, wosula, wonyamula, wasitolo, ndiponso nthawi zina msonkho. Kuchiwerengera n'kosavuta. Pezani magalamu a golide weniweni amene ali m'chinthucho, chulukitsani ndi mtengo wa galamu wa tsikulo, ndipo zotsala pa mtengo wa m'sitolo ndiye chapamwamba.

Tiyambe ndi Krugerrand, khobidi la ku South Africa lomwe linayamba kusulidwa mu 1967. Kumaso kwake kuli mutu wa Paul Kruger womwe anajambula Otto Schultz, ndipo kumbuyo kuli mbawala yothamanga ya Coert Steynberg. Zithunzi zonse ziwiri zinatengedwa ku makobidi akale a dzikolo, ndipo sizinasinthe mpaka lero. Woyang'ana kukongola kokha anganene kuti khobidili ndi louma, pakuti mbawala ili yokha pakati, malembo ndi ochepa, ndipo mtundu wake ndi wofiirira. Koma kusasintha kumeneku ndi kumene kumapindulitsa mwini wake. Wogula golide ku Joni, ku London kapena ku Dubai amalizindikira akangoliona, choncho sachotsera zambiri poopa kupusitsidwa.

Luso lalikulu la khobidili lili m'miyeso yake. Limalemera magalamu 33.93, ndipo mwa amenewa 31.1 ndi golide, otsalawo ndi mkuwa. Kusakaniza kotere ndi kumene amati makarati 22. Golide yekhayekha ndi wofewa, amakalika msanga, ndiye mkuwawo umalimbitsa khobidi kuti lipirire kugwidwagwidwa. Wogula sakuberedwa, chifukwa aunsi yake ilimo yonse ndipo mkuwa ndi wongowonjezera. M'mimba mwake ndi pafupifupi mamilimita 32.8. Popeza golide amalemera kwambiri kuposa mtovu ndi mkuwa, khobidi labodza lopangidwa ndi zitsulo zimenezi silingakwanitse kulemera ndi kukula nthawi imodzi. Likalemera bwino limakhala lonenepa, likakula bwino limapepuka. Sikelo yaing'ono ndi choyezera makulidwe zimagwira mabodza ambiri. Chitsulo cha tangisiteni ndi chimene chimavuta, poti chimalemera pafupifupi mofanana ndi golide, koma n'cholimba kwambiri moti n'kovuta kuchidinda bwino, ndipo khobidi lake likagogodedwa sililira ngati lenileni.

Kuyambira mu 1980 kwakhala Krugerrand ya theka la aunsi, ya kota, ndi ya gawo limodzi mwa khumi. Zing'onozing'onozi ndi zimene wa ndalama zochepa angakwanitse, koma zili ndi mtengo wake. Kudula chitsulo, kudinda, kuyendera ndi kulongedza kakhobidi kakang'ono ndi ntchito yofanana ndi ya lalikulu, pamene golide wosenza mtengo wa ntchitoyo ndi wochepa. Zili ngati mafuta ophikira oyeza pa supuni: amene sangakwanitse botolo ndi amene amalipira kwambiri pa lita.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti tione mmene zimayendera. Tinene kuti galamu ya golide lero ili pa R2,000. Kakhobidi ka gawo limodzi mwa khumi kali ndi magalamu 3.11, ndiye golide wake ndi wa R6,220. Sitolo ikagulitsa pa R6,840, chapamwamba ndi R620, pafupifupi 10 peresenti. Khobidi la aunsi yathunthu lili ndi golide wa R62,200, ndipo likagulitsidwa pa R64,700 chapamwamba ndi 4 peresenti yokha. Wogula timakobidi khumi pang'onopang'ono walipira R68,400 pa golide yemweyo, kutanthauza kuti waluza R3,700. Nambala ina yofunika kuposa apa ndi mtengo umene sitoloyo ingakupatseni mutabweza kakhobidiko. Ikati R6,100, ndiye kuti golide ayenera kukwera ndi 12 peresenti kuti mungobweza ndalama yanu. N'chifukwa chake wogula wochenjera amafunsa mitengo iwiri asanatulutse chikwama: "Mukugulitsa zingati, nanga nditabwera nako mawa mugula zingati?"

Pa makobidi pali msampha umodzi womwe umachokera ku luso lenilenilo. Pali Krugerrand ina yosulidwira osonkhanitsa makobidi. Chidindo chake amachipukuta mpaka kuwala, amadinda kangapo, ndipo imabwera m'kabokosi ndi chikalata. Ndi ntchito yokongoladi, mbawala imaoneka ngati yatuluka m'galasi. Koma golide wake ndi yemweyo, chapamwamba n'chachikulu, ndipo kukalika kumodzi kokha kumachotsa chimene munalipirira. Wosunga chuma asankhe wamba.

Mtanda ndi wosavuta kuposa khobidi. Waukulu amauumba pothira golide wosungunuka m'chikombole, ndipo umatuluka ndi makwinya pamwamba. Wosulayo amangodindapo dzina lake, kulemera, nambala ndi chizindikiro cha 999.9. Apa luso ndi lochepa ndipo chapamwamba chimakhala chochepanso, koma mitanda yotere ndi ya anthu a ndalama zambiri. Timitanda ta galamu imodzi kapena zisanu timadulidwa ku chitsulo chophwathalala, n'kudindidwa ngati khobidi, kenaka n'kumatidwa m'kakhadi ka pulasitiki komwe kamakhala umboni wake. Kampani ya PAMP ya ku Switzerland inatchuka podinda chithunzi cha mkazi wotchedwa Fortuna pa timitanda take, ndipo chithunzicho n'chosalala bwino. Komabe kamtanda ka galamu imodzi nthawi zambiri ndi kamene kamakhala ndi chapamwamba chachikulu pa golide yense wosungira. Chofooka china n'chakuti chikhulupiriro chili pa kakhadi kaja. Kakang'ambika, wogula angafune kuyesa golideyo kapena kutsitsa mtengo, ndipo akuba amakoperanso makhadi omwewo. Khobidi limadzichitira umboni lokha, pamene kamtanda kamadalira chikuto chake ndi dzina la woyenga.

Msonkho umathanso kutembenuza masamu onsewa, ndipo umasiyana dziko ndi dziko. Ku South Africa Krugerrand siilipiritsidwa VAT, pamene zodzikongoletsera zimalipiritsidwa 15 peresenti. Ku Britain makobidi ndi mitanda yosungira chuma zilibe VAT, ndipo phindu la pa makobidi a dzikolo, monga Sovereign ndi Britannia, silidulidwa msonkho. Ku Zimbabwe, pomwe banki yaikulu inatulutsa khobidi la Mosi-oa-Tunya mu 2022, inanena poyera kuti mtengo wake ndi wa msika wa dziko lonse kuphatikiza 5 peresenti ya ntchito yosula. Apo chapamwamba chinalembedwa kuti aliyense achione.

Tikafika pa tcheni, mphete ndi ndolo, luso limachuluka ndipo chapamwamba chimabisika. Mmisiri amakoka waya, kupinda mfundo imodziimodzi, kuwotcherera, kupala ndi kupukuta. Ntchito imeneyi ndi yoyenera malipiro ake, ndipo tcheni chosulidwa bwino chimadziwika: mfundo zake n'zofanana, sichipotana, ndipo powotcherera sipaoneka. Koma taonani kachidindo kakang'ono pafupi ndi ngowe. Nambala 375 ikutanthauza makarati 9, kuti golide ndi magawo 375 okha mwa 1,000. Nambala 750 ndi makarati 18, ndipo 916 ndi makarati 22. M'masitolo ambiri a ku South Africa ndi ku Britain zotsika mtengo zimakhala za makarati 9.

Pa mtengo wongopeka uja, tcheni cha makarati 9 cholemera magalamu 10 chili ndi golide wa magalamu 3.75, amene ndi R7,500. Sitolo itachigulitsa pa R15,000, pafupifupi R1,950 ndi msonkho, ndipo yoposa R5,500 ndi ya mmisiri ndi wasitolo. Pokagulitsa, wogula golide wakale sayang'ana kukongola. Amachiyesa ndi asidi kapena makina, amachotsera miyala ngati ilipo, n'kuchiika pa sikelo, chifukwa iye akupita kukachisungunula. Akakupatsani R6,500, ndiye kuti golide ayenera kukwera kuposa kawiri kuti mupeze ndalama munalowetsa. Luso likachuluka, chotayika chimachulukanso, poti ng'anjo siisiyanitsa tcheni chosulidwa mwezi wathunthu ndi mphete yothyoka.

Izi sizikutanthauza kuti zovala zagolide sizingasunge chuma. Ku India akazi akhala akusunga chuma cha banja m'zibangili kwa mibadwo yambiri, ndipo msika wawo unakonzedwa mogwirizana ndi zimenezo. Golide wake amakhala wa makarati 22, mtengo wa galamu wa tsikulo umalembedwa poyera, ndipo malipiro a mmisiri amalembedwa padera pa lisiti, moti munthu amatha kunenerera. Chibangili chosalala, chopanda miyala ndiponso chopanda zowotcherera zambiri, chimayandikira khobidi. Chimakhalanso ndi ubwino umene khobidi lilibe, woti chimavalidwa, ngakhale kuti kuvalako kumachiperepesa pang'onopang'ono ndipo kumaitana akuba.

Chiweruzo changa n'chakuti pa amisiri atatuwa, wosula khobidi wamba ndi amene amatumikira bwino wosunga chuma, chifukwa ntchito yake ndi yotsika mtengo, yosavuta kuyesa, ndipo gawo lina la chapamwamba limatha kubwerera pogulitsa. Amene akupeza pang'ono mwezi ndi mwezi amachita bwino kusonkhanitsa ndalama mpaka itakwana kota ya aunsi m'malo mogula galamu imodziimodzi, pokumbukira kuti podikirapo mtengo ungakwere kapena kutsika. Azigula kwa wogulitsa wovomerezeka amene amapereka lisiti ndipo amalola kugulanso katundu wake. Golide sabereka chiwongoladzanja, choncho amene akudziwa kuti ndalamayo adzaifuna pakatha miyezi isanu ndi umodzi asagule n'komwe, chifukwa kusiyana kwa mitengo iwiri ija kudzamudya. Tcheni chokongola agule chifukwa wachikonda, ndipo pa bajeti achilembe m'gulu la zovala.