Doko Lija Latsegulidwa

Mwa zolemba zonse zimene Amalawi tikulemba masiku ano, zovuta kumasulira m'Chingerezi si ndakatulo ayi, koma timauthenga tapafoni. Munthu akamanyogodola pamaso, mawu amawakoka, diso amalitsinzina, ndipo womva amadziwa kuti akunena zosemphana ndi zimene akutanthauza. Pa WhatsApp zonsezi palibe. Patsala mawu okhaokha, ndipo womasulira akawatsata limodzilimodzi amanyamula chikopa n'kusiya nyama.

Ndipereke chitsanzo cha uthenga umene msuweni wanga wa kwa Ndamera, m'boma la Nsanje, ananditumizira m'Malichi 2023, namondwe wa Freddy atasefukiza madzi kuchigwa:

"Abwana, musadandaule. Doko lija latsegulidwa tsopano, madzi afika pakhonde, tikungodikira sitima basi. Ufa uja munalonjeza tikudya mpaka kutaya."

Mnzanga wina kuntchito anaumasulira liwu ndi liwu pofuna kuthandiza mlendo amene ankalemba za mavuto a kuchigwa. Mlendoyo anamva zinthu zitatu: kuti doko layamba kugwira ntchito, kuti anthu akudikira sitima yowapulumutsa, ndiponso kuti banjali lili ndi ufa wochuluka. Zonse zitatu zinali zabodza, chikhalirecho palibe liwu limene linamasuliridwa molakwa. Choona chinali chakuti nyumba yazingidwa ndi madzi ndipo ufa sunafike.

Nthabwalayi yaima pa miyendo itatu ngati mafuwa. Woyamba ndi mbiri. Mu Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula doko la Nsanje pa mtsinje wa Shire, koma chombo chimene chinkayembekezeka chinagwidwa ndi akuluakulu a ku Mozambique. Anthu a kuchigwa anatsala ndi doko lopanda zombo. Choncho pamene msuweni akuti doko latsegulidwa chifukwa madzi afika pakhonde, akuseka lonjezo lakale pamodzi ndi tsoka latsopano. Amene sadziwa za 2010 sangaseke, ngakhale atadziwa Chichewa chonse cha m'mabuku.

Mwendo wachiwiri ndi kachidutswa kakang'ono ka "-ja". Tikati "doko ilo" tikuloza chimene tikuchiona, koma tikati "doko lija" tikukumbutsana chimene tonse awiri tikuchidziwa kale. "Ufa uja" ndiye kuti ufa umene iwe ukuudziwa bwino, usachite ngati waiwala. M'Chingerezi "ilo" ndi "lija" kawirikawiri zimagwera m'liwu limodzi, motero chala chimene chimandiloza ine chimasowa.

Wachitatu ndi chisuweni. Ine ndi iyeyu timaitanana "iwe" chiyambire ubwana. Tsiku limene wanditcha "abwana" n'kunena kuti "musadandaule", ndimadziwiratu kuti ulemuwo wadza ndi chikwapu kumbuyo. Chingerezi sichisiyanitsa "iwe" ndi "inu", ndipo "abwana" akamasuliridwa amangomveka ngati munthu wodzichepetsa kwa mkulu wake. Chisuweni ndicho chimam'patsa ufulu wondinyoza popanda mlandu, ndipo nthabwala imam'teteza ku manyazi opempha kachiwiri.

Nanga womasulira angadziwe bwanji kuti akunyogodoledwa? Choyamba ayerekeze mawu ndi nyengo. Sitima siima pakhonde la munthu, ndipo wozingidwa ndi madzi sataya nsima. Mawu akakoma kuposa mmene zinthu zilili, pali chobisika. Chachiwiri afunse kuti wolemba ndi wolandira ndi ndani kwa wina ndi mnzake. Uthenga womwewu utachokera kwa mpongozi ukanakhala kudandaula koopsa, osati nthabwala. Kankhope koseka kamene ena amaika kumapeto kamathandiza, koma sikodalirika, pakuti wonyogodola waluso amakasiya dala.

Akazindikira, asankhe chimene akufuna kupulumutsa. Ngati akumasulira kuti anthu alandire thandizo, alembe tanthauzo mosabisa: nyumba ili m'madzi, chakudya palibe. Nthabwala yafa, koma banja ladya. Ngati akumasulira buku, asunge kunyogodolako, awonjezere mawu ochepa okumbutsa kuti doko ndi lija lopanda zombo, ndipo ulemu wa "abwana" aukokomeze mpaka wowerenga akayike. Apanso pali mtengo wake, chifukwa nthabwala yofotokozedwa ili ngati ndiwo zotenthetsa kawiri.

Chimene sindivomereza ndi kunena kuti kumasulira liwu ndi liwu ndiko kukhulupirika. M'uthenga uwu njira imeneyo inasandutsa munthu wanjala kukhala wokhuta. Kukhulupirika kwenikweni n'kufunsa chimene wolembayo amafuna kuti chichitike uthenga ukawerengedwa. Msuweni wanga sankafuna sitima. Ankafuna kuti ndiseke, ndichite manyazi, kenaka nditumize ufa, ndipo kumasulira kulikonse kosamufikitsa pamenepo kwaphonya.