Za Maina Achilendo m'Zolemba Zathu

M'timabuku ta zaumoyo timene aphunzitsi amawerengera anthu kumidzi timaonamo zolakwa ziwiri. Alembi ena asiya dzina lililonse lachilendo monga linadzera, osalimasulira konse. Ena alipinda lonse kuti limveke Chichewa, kufikira mwini dzinalo sangalizindikirenso. Ife titi onsewa aphonya funso loyamba, ndilo ili: kodi wowerenga adzachita nalo chiyani dzinali, adzalitchula pakamwa kapena adzalifuna ndi maso pa botolo?

Taonani mau awiri oyendera limodzi, Edzi ndi HIV. Onse anachokera ku zilembo zoyamba za mau a Chingerezi. Koma loyambalo anthu analitchula ngati liu limodzi, nalizolowera, kotero kulemba Edzi nkoyenera, monga tilemba sukulu ndi buku. Linzakelo atchula chilembo chimodzichimodzi, ndipo lioneka chomwecho pa zikalata za kuchipatala. Chifukwa chake tilisiye, koma tilipatse mau olitsogolera, tinene kuti kachilombo ka HIV. Mau akuti kachilombo agwira ntchito ziwiri: auza wowerenga kuti chinthucho nchiyani, napatsanso chiganizo mgwirizano wake, pakuti tidzati kalowa, kachuluka. Mlembi wosiya mauwo asokoneza kachilombo ndi nthenda, pamene munthu akhoza kukhala nako zaka zambiri osadwala Edzi.

Pa maina a malonda mpofunika kusamala koposa. M'chaka cha 1993 dziko la Malawi linaleka kuchiza malungo ndi kolorokwini, niliyamba mankhwala otchedwa SP, amene anthu anawadziwa ndi dzina la malonda la Fansidar, namati fansida. M'chaka cha 2007 anabwera ena otchedwa LA, ndipo SP anatsalira makamaka amayi apakati, kuwateteza ku malungo. Tsono mlembi akalemba kuti, Mayi wapakati amwe fansida, mayiyo akapita kusikelo nakapatsidwa mankhwala olembedwa SP, angayese kuti ampatsa ena, nawakayikira. Akalemba SP pokha, mayi sadziwa kuti ndi omwe aja amawadziwa kale. Kulemba kokoma ndi uku: Mayi wapakati alandire kusikelo mankhwala oteteza ku malungo otchedwa SP, amene ambiri amati fansida. Pamenepo ntchito ya mankhwala yatsogola, dzina la pa chikalata lasungidwa, ndipo dzina la pakamwa lagwirizanitsa ziwirizo. Kumasulira kotere kuchitike kamodzi, poyamba penipeni. Pambuyo pake SP akwanira.

Sitikana kuti dzina la malonda likhoza kusanduka liu wamba. Munthu wofuna kolugeti kusitolo alandira mankhwala otsukira mano a mtundu uliwonse, osadandaula. Liu lotere tilembe m'Chichewa ndi chilembo chaching'ono. Koma pamene kusinthanitsa chinthu ndi chinzake kungapweteke munthu, monga pa mankhwala akumwa kapena ophera tizilombo m'munda, zilembo za pa botolo zisasinthidwe ngakhale chimodzi. Aphunzitsi, musanawerengere anthu kabuku kotere, yambani mwalemba dzinalo pa bolodi, kuti maso aone chimene makutu amva.