Puleni ya Agogo

M'bokosi la zipangizo la mmisiri wakale, puleni ndiyo imakuuzani zambiri za mwini wake. Itembenuzeni muone pansi pake. Ngati ndi yamtengo, mupeza kuti yadyeka kutsogolo kwa kamwa lotulukira mpeni, pomwe thabwa limakhuza kwambiri. Yaitali ija ndi yowongolera m'mphepete mwa matabwa kuti alumikizane popanda mpata. Yaifupi ndi yosalalitsira pomaliza. Mpeni ukakhala utafupika, dziwani kuti unanoledwa zaka zambiri ndi munthu wosamala.

Kampeni ka zogwirira ziwiri musakataye, nkopalira zokhota monga miyendo ya mipando. Tchizulo chokhuthala nchoboolera mabowo a mafelemu a zitseko, ndipo dzimbiri lake limachoka ndi mafuta ndi sandipepa.