Kumasulira buku la ana kuchokera pa zithunzi za masamba

Womasulira buku la ana lotumizidwa ngati zithunzi za pa foni amayamba ndi kuwerenga masamba. Mabuku ambiri otere amakhala ndi masamba 32, ndipo tsamba limodzi likasowa, nkhani imadumpha. Kenako amayang'anitsitsa pakati pomwe buku limapindika, chifukwa kamera imameza zilembo pamenepo.

Luso lenileni lili m'khutu. Mawu a Chichewa amathera pa mavawelo ndipo amatalika, choncho chiganizo chachifupi cha Chingelezi chimatupa mpaka kusefukira pa malo ake. Ngati chithunzi chikuonetsa kalulu akulumpha mtsinje, womasulira wodziwa ntchito salemba kuti "Kalulu anathamanga mofulumira kwambiri ndipo analumpha mtsinjewo." Amalemba kuti "Kalulu liwiro, mtsinje jowa!" Chotsalacho chithunzi chanena kale. Mawu obwerezedwa tsamba ndi tsamba sawasintha ngakhale pang'ono, pakuti ndi amene ana amalandira ngati mmene amayankhira "tilitonse" pa nthano. Kufanana kwa mawu kumathero a mizere akhoza kukusiya, ndipo sikumakhala kutaya kwenikweni.

Pomaliza amawerengera mwana mokweza. Pamene mpweya wamuthera chiganizo chisanathe, pamenepo pafunika kudula.