Mvula ya pachithunzi imayambira pansi

Amisiri ambiri ojambula zithunzi za nyumba pakompyuta akauzidwa kuti chithunzi cha kunja chionetse dzinja, amathamangira kuwaza timizere toyera pamwamba pa chithunzi chimene anachimaliza kale. Timizereto sitinyenga munthu. Diso la amene anakulira kumene mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo limayang'ana pansi ndi m'tsinde mwa khoma, ndipo likapeza pouma limakana. Ine ndikuona kuti nyengo iyenera kumangidwa kuchokera pa funso limodzi: chinthu chilichonse cha panyumbapo chimatani chikakumana ndi madzi?

Titenge nyumba ya njerwa zowotcha, ya malata ndi khonde la simenti, ku Lilongwe mu Januwale. Njerwa, dothi ndi simenti zimamwa madzi. Madziwo akadzaza timabowo take, kuwala kumazungulirazungulira m'kati mmalo mobwerera msanga, motero chinthucho chimada ndipo mtundu wake umakhwima: dothi la katondo limafiira kwambiri. Malata opakidwa penti ndi magalasi a mawindo sizimwa madzi, choncho sizida kwenikweni. Zimangokhala ndi madontho ndi timikwasa ta madzi otsetsereka. Mu Blender, pa Principled BSDF, izi zikutanthauza kudetsa Base Color ya njerwa ndi ya dothi, kenaka kutsitsa Roughness, koma osati mofanana paliponse. Dothi lachinyezi likhoza kutsika kuchoka pa 0.9 kufika cha pa 0.5, pamene chithaphwi chokha ndicho chiyandikire 0, ndipo pamenepo Bump azimitsidwe, pakuti madzi odikha amakwirira timiyala n'kusalala. Wotsitsa Roughness paliponse amatulutsa bwalo looneka ngati lapakidwa vanishi, ndipo chimenechi ndicho chizindikiro choyamba cha ntchito yothamangira.

Chithaphwi chilinso ndi khalidwe lake. IOR ya madzi ndi 1.33, ndipo ukawayang'ana kuchokera pamwamba penipeni amabweza kuwala kochepa, pafupifupi magawo 2 pa 100 alionse, n'chifukwa chake umaona matope a pansi pake. Ukawayang'ana chapatali mopendekeka, m'pamene amaonetsa mitambo ndi khoma. Ndiye ngati chithaphwi chili pafupi ndi kamera koma chikungonyezimira osaonetsa pansi pake, mmisiriyo wakweza Metallic kapena wachita kumata chithunzi cha thambo.

Koma luso lenileni lili posankha malo osanyowa. Denga lotuluka kunja kwa khoma limasiya kumtunda kwa khomalo kouma. Pamene madzi a m'malata amagwera pamakumbika kangalande, ndipo madontho othovoka amapaka matope ofiira m'tsinde mwa khoma kufika cha m'mawondo. Pansi pa mtengo wa mango pamachedwa kunyowa, ndipo khonde limanyowa m'mphepete mokha, mbali imene mphepo ikuchokera. Noise Texture ndi Color Ramp zimathandiza kuswa m'mbali mwa zithaphwi kuti musawongoke, koma sizidziwa kumene bwalo latsetserekera. Zikasiyidwa zokha zimaika chithaphwi pamwamba pa chulu. Malo a madzi mmisiri awajambule ndi dzanja, potsata kutsika kwa nthaka.

Wina anganene kuti pansi ponyowa pamafuna thambo la mitambo, ndipo thambo lotere limapha maonekedwe a nyumba chifukwa mithunzi imazimirira. N'zoona kuti mvula yogwa pansi pa dzuwa la masana lopanda mtambo imaoneka yabodza. Komabe dzinja lathu lili ndi nthawi imene mvula yangokata kumene, dzuwa la madzulo latulukira, mitambo yakuda ikadali kuseri kwa denga. Pamenepo pansi m'ponyowa, mithunzi ilipo, ndipo timizere ta mvula sitifunika n'komwe. Ngati tifunikadi, tioneke pamene kumbuyo kwake kuli kwakuda ndipo kuwala kukuchokera kuseri kwake, chifukwa m'mene mvula imaonekeranso pa chithunzi cha kamera.

Fumbi la Okotobala limatsata lamulo lomweli chobwerera: mitundu imatuwa, kunyezimira kumafa, fumbilo limakhala pa mafelemu a mawindo ndi m'mizere ya malata, ndipo mapiri a kutali amazimirira ndi utsi wa moto wa tchire. Kapinga wobiriwira amene mapulogalamu amabwera naye sagwirizana ndi mwezi umenewu, pokhapokha pachithunzipo pakuoneka paipi yothirira.

Enanso amati mwini nyumba walipira kuti aone kukongola, osati matope. Sindikutsutsa kuti chithunzi chimagulitsa. Koma mmisiri akatsata madzi moona mtima, amakakamizika kufunsa wolemba pulani kuti madzi a padenga akulowera kuti. Ngati yankho lake n'lakuti akudikha pa sitepe ya khomo lalikulu, mwini nyumba adziwiretu njerwa zisanawotchedwe, ngalande ikadali yotheka kuisuntha papepala.