Kalata kaye, nkhope ya azakhali pambuyo

Ndatopa nazo zithunzi za banja zomwe zikupachikidwa pabalaza masiku ano. Abale andanda pansi pa mtengo wa mango, dzuwa likuwomba kuchokera kumanzere, koma pakati pawo pali mutu wa azakhali, wotengedwa pa chithunzi cha pasipoti, wopanda mthunzi ngakhale pang'ono. Alendo n'kumayamikira kuti sizikuoneka n'komwe kuti anachita kumata. Zikuoneka! Ndipo vutoli silinayambire pa kompyuta ayi. Linayamba pomwe wina anaona ngati kulembera azakhaliwo kalata n'kutaya nthawi.

Kuphatikiza zithunzi si chinyengo, ndi luso lakale. Mu 1870, William Notman wa ku Montreal m'dziko la Canada anapanga chithunzi cha anthu ambirimbiri ali pa chikondwerero chotsetsereka pa madzi oundana. Sanawajambule pamodzi. Aliyense ankabwera payekha ku situdiyo n'kuima monga momwe malo ake pa chithunzicho ankafunira. Kenaka zithunzizo ankazidula, kuzimata pa chinsalu chopentedwa, n'kujambulanso chonsecho. Chachikulu n'chakuti munthu aliyense ankadziwa chomwe akujambulidwira. Kwa ife amene azakhali athu ali ku Joni, ntchito ya situdiyo ija imagwiridwa ndi kalata.

Kalata yabwino imayamba ndi moni ndi za moyo, monga mwa mwambo, koma isazengereze kunena pempho lake. Mwachitsanzo: "Azakhali, tsiku la chinkhoswe tinajambulitsa tonse a pamtundu, koma malo anu pambali pa bambo anangokhala pululu. Ndikupempha ngati mungalole kuti tikuikenipo. Chithunzichi tichapitsa chimodzi chokha cha pabalaza kumudzi, ndipo mudzayamba mwachiona inu tisanachapitse." M'mawu ochepawa azakhali adziwa pomwe adzaime, amene adzaime naye pafupi, ndi komwe chithunzi chidzapachikidwe. Zimenezi si zazing'ono. Kuimika munthu phewa ndi phewa ndi mlamu wake amene sakulankhulana naye ndiko kumuyanjanitsa mokakamiza iye ali kutali.

Akavomera, apa ndiye pagona luso lenileni: pemphani chithunzi chatsopano, ndipo muwafotokozere kuwala. Kuwala ndiye zonse! Yang'anani pa chithunzi cha banja komwe mithunzi ya mphuno yagwera. Ngati yagwera kumanja, dzuwa linali kumanzere kwa chithunzi, ndiye kuti azakhali aime panja dzuwa likuwawomba tsaya lawo lamanja. Ambiri amasokoneza pamenepa, kenaka n'kutembenuza chithunzi pa kompyuta kuti akonze. Kuwala kumalondola ndithu, koma chipsera cha pachipumi chimasamukira mbali ina, malemba a pachitenje n'kumawerengeka chafutambuyo, ndipo mwana aliyense wa pabanjapo amaona kuti awa si azakhali amene amawadziwa. Ngati banja linajambulidwa mumthunzi, nawonso aime mumthunzi. M'nyumba ayi, chifukwa babu limayika chikasu pakhungu chomwe sichigwirizana ndi kuwala kwa panja.

Chachiwiri ndi mtunda. Chithunzi chodzijambula wekha, foni ili pa mkono, chimakulitsa mphuno n'kubisa makutu. Gulu limajambulidwa patali, choncho wowajambula abwerere m'mbuyo mapazi asanu kapena asanu ndi limodzi, foni ili pachifuwa, ndipo atenge thupi lonse mpaka kumapazi. Ndikuti thupi lonse, chifukwa kumata nkhope yawo pa thupi la munthu wina n'chipongwe, ngakhale msoko wa pakhosi utabisika bwanji. Potumiza pa WhatsApp asankhe Document, apo ayi chithunzi chimafika chitafinyidwa, ndipo pochapa chachikulu nkhope yawo yokha ndiyo imaoneka mbuu.

Za mapulogalamu a m'foni odula munthu ndi chala chimodzi sinditayirapo nthawi: amameta tsitsi ndi duku lomwe. Chomwe chimandiwawa ndi kayikidwe kena kotchuka, kankhope m'kabwalo pakona, kozunguliridwa ndi mitambo. Kuno nkhope yotere timaiona pa pulogalamu ya maliro. Munthu wamoyo mungamuchite zimenezo bwanji?

Kalata ithere ndi khomo lotulukira: "Ngati simukufuna, musadandaule, sitidzakuonani molakwa." Mwina sanabwere chifukwa cha ndalama ya basi, koma mwinanso sanabwere dala, ndipo kusapezekapo kwawo kunali mawu amene chithunzi chathu sichiyenera kuwafufuta. N'chifukwa chake ndimakana zopempha pa gulu la WhatsApp la banja, pomwe abale onse akudikira kuti ati inde. Kalata imawapatsa nthawi yoganiza paokha. Akakana, chapitsani chithunzicho momwe chilili, ndipo mudzajambulitse china akadzabwera pa Khirisimasi.